Zilembo ziwiri, matenda atatu: kutambasula zidule za m'mafailo akale a odwala



Ambiri mwa inu madokotala, anamwino, azamba, anzathu a ku famase ndi makalaki amene mumasunga mafailo athu mwapatsidwa ntchito yotsegula mafailo akale ndi mabuku a kuchipatala amene odwala amayenda nawo, kuti zomwe zili m'menemo zilembedwe momveka, zina papepala lachidule cha mbiri ya wodwala, zina m'kompyuta. Mwaona kale kuti vuto lalikulu si inki yofufutika kapena dzanja loipa la dokotala. Vuto ndi zilembo ziwiri kapena zitatu zoimira mawu, zomwe mwini wake ankazimva bwino tsiku lomwe ankalemba, koma lero mwini wakeyo anasamutsidwa, anapuma pantchito, kapena anatisiya. Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, kutambasula chidule n'kulemba chinthu chatsopano. Yachiwiri, umboni uli m'failo momwemo, ndipo apa ndikhalitsapo. Yachitatu, chochita umboni ukatha. Yachinayi, zidule zomwe sitiyenera kuzitambasula pena paliponse.

Mfundo yoyamba. Munthu akapeza zilembo PE m'failo n'kulemba tanthauzo lake lonse, amadziona ngati wangokopera. Ayi, sanakopere. Wagamula. Zilembo zimenezi ku wodi ya amayi oyembekezera zimaimira matenda aja a kuthamanga kwa magazi amene amatha kufika pogwetsa mayi njirinjiri. Ku wodi ya akuluakulu zimaimira magazi oundana amene atseka mtsempha wa m'mapapo. Dokotala wina amalemba zilembo zomwezo kunena madzi odzadza m'mbali mwa mapapo, ndipo wophunzira wina amazilemba pamwamba pa tsamba kungotanthauza kuti apa ndayamba kupima thupi. Amene wasankha chimodzi mwa izi wanena kuti wodwala anadwala chakuti, ndipo mawu amenewo ndi ake, si a wolemba woyamba uja.

Tsono mvetsani ichi, chifukwa ndichibwereza kangapo. Chidule chosatambasulidwa chimamuimitsa wowerenga, amakayika, amafunsa. Chidule chotambasulidwa molakwa sichimuimitsa. Chimaoneka choyera, cha mawu athunthu, mwina chotayipidwa bwino, ndipo namwino wa usiku amachikhulupirira osayang'ananso kumbuyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake ndikunena kuti kutambasula molakwa n'koipa kuposa kusatambasula.

Pachifukwa chimenechi, zolemba zoyambirira sizikhudzidwa. Osafufuta, osapaka utoto woyera uja, osalemba pamwamba pa zilembo zakale ngakhale mutatsimikiza bwanji. Failo ya wodwala ndi umboni, ndipo tsiku lina ikhoza kufunidwa ndi khoti kapena bungwe loona za ntchito ya madokotala kapena anamwino. Chomwe mukulemba inu chikhale chowonjezera, pambali kapena patsamba lakelake, chokhala ndi tsiku la lero, dzina lanu, udindo wanu ndi siginecha yanu. Muzikopera kaye zilembo zakalezo monga momwe zilili, kenako tanthauzo lomwe mwapeza, kenako chomwe mwaona m'failo chokupangitsani kunena choncho. M'kompyuta namonso ndi chimodzimodzi: zilembo zoyambirira zikhale ndi malo ake, tanthauzo likhale ndi malo ake. Wobwera pambuyo panu akhale ndi mpata wokutsutsani.

Mfundo yachiwiri, umboni. Uthenga ukafika pamudzi wakuti a Phiri agonekedwa kuchipatala, simuthamanga ndi phala. Mumayamba mwafunsa kuti a Phiri ake ati, a kutsidya kapena a kuchigayo, wanena ndani, ndipo wanena liti. Zilembo za m'failo zimafunsidwa mafunso onga omwewo: zinalembedwa chaka chiti, zinalembedwera kuti ndipo ndi yani, zili ndi muyeso wanji, ndipo zayandikana ndi chiyani.

Ndiyambe ndi chaka, chifukwa ambiri amachidumpha. Lero aliyense m'Malawi muno akaona LA amadziwa kuti ndi mankhwala a malungo, ngakhale agogo kumudzi amatchula dzina limeneli. Koma mankhwalawa anakhala oyamba kuperekedwa pa malungo m'dziko muno chakumapeto kwa 2007. Kuyambira 1993 mpaka nthawi imeneyo tinkapereka fansida, amene m'mafailo amalembedwa SP. Choncho mukapeza LA m'failo ya 2003, musafulumire. Yang'anani bwino, mwina ndi tsamba la ku fiyeta yaing'ono, pomwe munthu anatumbulidwa chithupsa atabayidwa jakisoni wochititsa dzanzi pamalo pomwepo, pakuti nayenso amalembedwa LA. Ngakhale m'failo ya chaka chino matanthauzo awiriwa alipo. Wa malungo amabwera ndi chiwerengero cha mapilitsi, munthu wamkulu mapilitsi 4 kawiri patsiku kwa masiku atatu. Wa dzanzi amabwera ndi mpeni ndi ulusi.

Tsopano tiyeni tigwire failo imodzi limodzi. Ndailumikiza ndekha kuti tiphunzirirepo, si ya munthu weniweni, koma mizere yake mwakhala mukuiona. Mayi wa zaka 34 wabwera ndi pakati pena, akutsokomola, ndipo buku lake lakale lili ndi izi:

```
06/2016 ANC G3P2 R on 5A, CPT
PMH: PTB 2013
IPT given
11/2016 36/40 BP 170/115 prot 3+
PE. MS 4g stat
```

Tiyambe ndi mzere womaliza, umene ukuoneka woopsa koma ndi wosavuta. PE apa yayandikana ndi pakati pa masabata 36, magazi othamanga kufika 170/115, ndi mapuloteni ambiri m'mkodzo. Zitatu zimenezi zikuloza kumodzi, ku matenda a kuthamanga kwa magazi a mayi woyembekezera. Akanakhala magazi oundana m'mapapo tikanayembekezera kuona kubanika, kupweteka kwa m'chifuwa, mwina mwendo umodzi wotupa, ndi mankhwala osungunula magazi. Akanakhala madzi m'mbali mwa mapapo tikanaona chithunzi cha ekiselo kapena kupopa madziwo. Palibe chimodzi mwa izi. Apa mukhoza kulemba motsimikiza, n'kutchula zitatu zija ngati umboni wanu.

MS ndi chidule chimene chavulaza anthu m'maiko ambiri, chifukwa chimaimira mankhwala awiri osiyana kutalitali: mofini, wopha ululu, ndi magineziyamu salufeti, woletsa njirinjiri. Chotipulumutsa apa ndi muyeso. Magineziyamu amaperekedwa m'magalamu: magalamu 4 kudzera mumtsempha pang'onopang'ono, ndi magalamu 5 thako lililonse poyambira. Mofini wa jakisoni amaperekedwa m'mamiligalamu, munthu wamkulu 5 kapena 10. Magalamu 4 a mofini palibe angawapereke wodwala n'kudzuka. Ndiye kalembo kakang'ono ka g kaja kamaliza mlandu. Koma tiyerekeze kuti wolemba anangoti MS 5, osaika g kapena mg, ndipo mayiyo anali atangochitidwa opaleshoni yobereketsa. Apo zonse ziwiri n'zotheka. Mupite ku tchati cha anamwino. Mayi wolandira magineziyamu amawerengedwa kapumidwe, amagogodedwa bondo, ndipo mkodzo wake umayezedwa pafupipafupi. Mofini naye amasiya mapazi ake kwina, m'kaundula wa mankhwala otsekeredwa m'kabati, momwe mumalembedwa dzina la wodwala, tsiku ndi muyeso.

Ndipatuke pang'ono. MS akaima yekha pamndandanda wa matenda akale, wopanda muyeso, si mankhwala konse. Kwathu kuno kawirikawiri amatanthauza kuphinjika kwa khomo limodzi la mtima, kotsatira matenda a mtima oyamba ndi zilonda za kukhosi paubwana, ndipo mayi wotere pakati pamamuika pachiswe. Koma kalata yochokera ku chipatala cha ku Mangalande ikanena MS, nthawi zambiri ikunena matenda ena a mitsempha ya ubongo ndi msana, amene kuno sitikumana nawo kawirikawiri. Abale athu amabwera ndi makalata otere, ndipo madokotala odzacheza amabwera ndi zizolowezi za kwawo. N'chifukwa chake timafunsa kuti analemba ndani.

Tikwere pamzere wachitatu, IPT. Apa ndi pomwe anthu odziwa ntchito amagwa, ndipo amagwa chifukwa cha kudziwa kwawoko. Kusikelo ya amayi oyembekezera, IPT ndi fansida woteteza malungo, mapilitsi 3 omwera pomwepo pamaso pa namwino. Ku kiliniki ya ma ARV ndi ya chifuwa chachikulu, IPT ndi aisoniyazidi, womwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi kuteteza chifuwa chachikulu. Mayi wathuyu ndi wa mbali zonse ziwiri. Ndi woyembekezera, komanso mzere woyamba ukutiuza kuti ali ndi kachilombo, akumwa ma ARV a 5A, ndiponso akumwa bakitilimu wa tsiku ndi tsiku, amene ndiye CPT.

Wodziwa malamulo a kaperekedwe ka mankhwala anena msanga kuti: mayi womwa bakitilimu sapatsidwa fansida, chifukwa mankhwala awiriwa ndi a banja limodzi ndipo bakitilimuyo amateteza kale malungo. Choncho, iye ati, IPT ameneyu ayenera kukhala aisoniyazidi. Lamulo walitchula bwino. Koma failo sifotokoza zomwe zinayenera kuchitika, imafotokoza zomwe zinachitika. Tikatsegula khadi lake la ku ma ARV, tikupeza kuti chaka chonsecho palibe aisoniyazidi, palibenso vitamini uja amene amaperekedwa limodzi naye. Tikatsegula kaundula wa kusikelo, tikupeza kuti tsiku lomwelo la mwezi wa Juni bokosi la SP linachongedwa. Mayiyu anamwa fansida. Wina analakwitsa tsiku limenelo, mwina pamzere panali amayi ambiri ndipo sanawerenge mzere wapamwamba.

Taonani zomwe zikanachitika mukanalemba aisoniyazidi. Mukanabisa cholakwa chomwe chinachitikadi, ndipo mukanamupatsa mayi mbiri ya mankhwala omwe sanamwepo. Dokotala wa lero, poona mayi akutsokomola, akanaganiza kuti uyu analandirapo kale chitetezo cha chifuwa chachikulu. Ndibwereze: lembani chomwe chinachitika, osati chomwe chinayenera kuchitika. Ntchito yanu si kukonza mbiri kuti ikongole.

Watsala mzere wachiwiri, PTB 2013, ndipo umenewu ukutifikitsa pa mfundo yachitatu. Kwa dokotala wa ku wodi, PTB ndi chifuwa chachikulu cha m'mapapo. Kwa azamba ena, zilembo zomwezi ndi mwana wobadwa masiku asanakwane, ndiko kuti masabata 37 asanafike. Mzerewu unalembedwa kusikelo, zomwe zikukokera ku mwana. Koma mayiyu ali ndi kachilombo, zomwe zikukokera ku chifuwa. Tsamba la mbiri ya uchembere likusonyeza kuti anabereka mu 2010 ndi mu 2013, koma kulemera kwa ana ndi masabata ake sanalembe. Nambala ya kaundula wa chifuwa chachikulu palibe, zotsatira za makhololo palibe, mankhwala a miyezi 6 sakuoneka, komanso buku lake la chaka chimenecho linatayika. Umboni wathera pamenepa.

Ndipo kusiyana kwake si kwa masewera. Ngati anadwalapo chifuwa chachikulu, kutsokomola kwa lero kuonedwa ndi diso lina, ndipo makhololo ake ayenera kuyezedwa ngati tizilombo tayamba kupirira mankhwala. Ngati anaberekapo mwana wosakwana masiku, ndiye kuti pakati apanso pakhoza kutero, ndipo azamba ayenera kumukonzekeretsa.

Ndiye mutani? Choyamba, musaponye mayere m'mutu n'kulemba chomwe chimachitika kawirikawiri. Lembani kuti tanthauzo silikudziwika, tchulani matanthauzo onse awiri, ndipo tchulani komwe mwafufuza. Ine ndimapempha kuti chilichonse chotambasulidwa chikhale m'gulu limodzi mwa atatu: chotsimikizika, chooneka ngati, ndi chosadziwika. Gulu lachitatulo lisakuchititseni manyazi. Kalaki wobweza mafailo 200 popanda chidule ngakhale chimodzi chomwe chamukanika ndiye amandidetsa nkhawa.

Chachiwiri, kumbukirani kuti mwini mbiri ali panja pabenchi. Safunsa anadya phula. Koma kafunsidwe kake kakhale kosamuikira mawu m'kamwa. Musati, amayi, munadwalapo TB mu 2013 eti? Ambiri angovomera chifukwa cha ulemu, poona kuti a dokotala awerenga m'buku. Funsani kuti, amayi, chaka chomwe munabereka mwana wachiwiri uja, panali vuto lanji pa inu kapena pa mwanayo? Akayamba kufotokoza za kamwana kochepa komwe anakasunga pachifuwa masabata angapo ku wodi ya kangaru, mwapeza yankho. Akafotokoza za kupereka makhololo ndi kumwa mankhwala miyezi 6 ali ndi womuyang'anira, mkodzo ukufiira, mwapezanso yankho. Mukatero lembani kuti izi zachokera pakamwa pa wodwala, tsiku lakuti. Wowerenga adziwe kuti umboni wake ndi wamtundu umenewo, pakuti zaka zikapita anthu amasokoneza zaka ndi ana.

Kunena za amene ayenera kugamula, maganizo anga ndi awa. Kalaki azipeza zidule, azizichonga, azisonkhanitsa makadi ndi makaundula ofunika. Kugamula tanthauzo la matenda kapena mankhwala kukhale kwa namwino, mzamba kapena dokotala, makamaka wa wodi yomwe mzerewo unalembedwera. Pa mankhwala, anthu awiri awerenge aliyense payekha asanauzane chomwe apeza. Akasiyana, chidulecho chatsikira m'gulu la zosadziwika mpaka umboni wina utapezeka.

Pa miyeso ya mankhwala ndiumirirepo. M'chaka cha 2004 bungwe loyendera zipatala ku Amereka lotchedwa Joint Commission linaika mndandanda wa zidule zoletsedwa. MS anali pomwepo. Panalinso U woimira mayunitsi, chifukwa wolembedwa mothamanga amaoneka ngati ziro, ndipo insulini wa mayunitsi 10 amasanduka 100. Analetsanso kulemba .5 popanda ziro kutsogolo, chifukwa kadontho kakafufutika amasanduka 5, ndiponso 1.0 amene amasanduka 10. Mafailo athu akale adzaza ndi zonsezi, ndipo mapepala ake ananyowapo, anapindidwapo m'thumba la chitenje. Choncho muyeso wa m'failo yakale ndi mbiri chabe. Usakoperedwe kupita pa tchati cha mankhwala a lero. Wolembera mankhwala alembe mwatsopano, ataona wodwalayo, kulemera kwake ndi botolo lomwe ali nalo kunyumba. Samalaninso ndi manambala onga 6/12. Pambali pa mankhwala ndi miyezi 6, m'mphepete mwa tsamba likhoza kukhala tsiku la 6 Disembala, ndipo ku kiliniki ya maso ndi muyeso wa kapenyedwe.

Inu amene mukulowetsa zinthu m'kompyuta, pali batani lomwe lidzakunyengani, lija losintha mawu amodzi paliponse pomwe apezeka nthawi imodzi. Wina adzati, tiyeni CM yense akhale malungo a mu ubongo, timalize msanga. Ku wodi ya ana adzalondola kangapo. Ku wodi ya akuluakulu, CM wambiri ndi matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu omwe chitetezo chawo chatsika, ndipo munthu wodwalapo amenewa amafunika kupitiriza mankhwala kwa nthawi yaitali. Batani limodzi lidzafafaniza mbiri imeneyo m'mafailo onse, ndipo palibe adzadziwe mpaka wina atabweranso ndi mutu. Chidule chilichonse chitambasulidwe pamzere wake, m'failo yake. Chomwe mungachite pagulu ndi kabuku ka chipatala chino, kolemba chidule, wodi yomwe chimagwiritsidwa ntchito, zaka zake ndi matanthauzo ake onse. Kabuku kameneka kamakuuzani zoyenera kukayikira. Sikagamula m'malo mwanu.

Mfundo yachinayi ndi yaifupi. Bwererani pa mzere woyamba uja, pa R woima yekha. Enafe tikudziwa kuti akutanthauza kuti magazi anapezeka ndi kachilombo ka HIV, monganso ena amalemba RVD. Zidule zimenezi sizinabadwe chifukwa cha changu chokha. Ena ankazilemba dala, podziwa kuti buku la kuchipatala limapita kunyumba, limagona pa tebulo, limatsegulidwa ndi apongozi, ndi mwamuna, ndi mwana wa sukulu wodziwa kuwerenga. Mukalitambasula m'buku lomwe mayi amayenda nalo, mukhoza kuulula zomwe iye sanaululire aliyense.

Komabe R nayenso amasokoneza, pakuti pena amaimira mbali ya kumanja, ndipo NR wina amamuwerenga kuti alibe kachilombo pomwe wolemba ankati zotsatira zili bwinobwino kapena wodwala sakuyankha. Wogwira ntchito mnzathu ayenera kumva molondola. Njira yake ndi kusiyanitsa malo. M'failo yotsala kuchipatala ndi m'kompyuta yolowa ndi nambala yachinsinsi, lembani mawu onse, mutatsimikiza ndi khadi la ku ma ARV kapena kaundula wa koyezera magazi. M'buku lopita kunyumba, musawonjezere mawu oulula musanakambirane ndi mwini wake. Ndipo R wopanda khadi, wopanda mankhwala, wopanda tsiku loyezera, musamusandutse matenda. Munthuyo apemphedwe kuyezedwanso.

Pakhomo apo pali mafailo ophunzirira omwe mayina ake tawaphimba. Khalani awiriawiri, wa ku wodi ya amayi akhale ndi wa ku wodi ya akuluakulu, kalaki akhale ndi namwino. Aliyense awerenge payekha kaye, alembe gulu lomwe waika chidule chilichonse, kenako muyerekeze. Zomwe mwasiyana ndi zomwe tikambirane tikabwera ku tiyi.